Pakhonde pa Azakhali: Nguluwe sitsokomola

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala kuno ku Kasungu. Agogo anga aamuna, obereka amayi, anali mlenje wodziwika ndipo ali ndi mfuti ya chiphaso yomwe akhala nayo ine ndisanabadwe. Mwezi wathawu anasonkhanitsa banja lonse n'kunena kuti mfutiyo akusiyira mlongo wanga wa zaka 21. Azakhali, mwamuna ndine. Pa legeni panalibe wondiposa m'mudzi monse. Mlongo wangayo ntchito yake inali kungowanyamulira madzi ndi kupukuta mfuti. Cholakwa changa chomwe ndikuchidziwa n'chimodzi: chaka chatha agogo ali kumaliro ndinaitulutsa n'kujambulitsa nayo pafoni ndi anzanga, koma inalibe chipolopolo. Pano anzanga akundiseka, ena akuti mtsikanayu anawadyetsa mankhwala agogo. Kodi ndidikire atsogole kuti ndidzangoitenga? Ndithandizeni, mtima ukundiwawa.

Ine mdzukulu wodandaula

Mwana wanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ulendo woyamba ndinaseka mpaka tiyi kunditsamwa. Wachiwiri ndinakhala chete, chifukwa ndinaona kuti kuseri kwa phokoso lonseli kuli kamwana kamene kakufunsa ngati agogo ake amakakonda. Tifikako kumeneko. Koma poyamba bwera kuno ndikutsine khutu.

"Mwamuna ndine." Ndani anakutsutsa? Vuto ndi lakuti mfuti siyang'ana zimene zili m'kabudula. Imangomvera chala, ndipo chala chimamvera mutu. Za legeni zija ndakuyamikira, timba ndi mpheta za ku Kasungu ziyenera kuti zikukutchula mpaka lero. Nanga mawu akuti "inalibe chipolopolo" unawatenga kuti? Mawu amenewo, mwanawe, ine ndinawamvapo akunenedwa pasiwa, mnyamata atagwira mutu, mnzake ali m'bokosi. Khala pansi apo, ndikusimbire za mkulu wina wa kwathu.

Ine ndinakulira ku Ntchisi, mbali yoyang'ana kunkhalango ya Nkhotakota. Zinali zaka za m'ma 1980, nthawi ya Kamuzu, akazi thalauza tikungoliona pachingwe choyanikira. M'mudzi mwathu munali gogo wina mlenje, wamtali, wosayankhulayankhula, amene anali ndi mfuti yeniyeni ya chiphaso, osati gogodela wosulidwa kuseri kwa nkhokwe. Nguluwe zikalowa m'chinangwa, kapena anyani akayamba kukolola chimanga cha eni, anthu ankathamangira kwa iwo. Anali ndi adzukulu aamuna anayi, ndi mdzukulu wamkazi mmodzi, mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo. Timutchule Nabanda, pamfunda pake. Agogowo ankamutcha "akazanga", monga amachitira agogo akamaseka ndi adzukulu, ndipo agogo aakazi ankanamizira nsanje.

Adzukulu onse asanu anayamba limodzi kuwatsata kutchire. Anyamata ankaganiza kuti tsiku lomwelo aphunzira kuwomba. M'malo mwake wina anapatsidwa nkhwangwa, wina chingwe, wina thumba, Nabanda chipanda cha madzi. Mfuti osaikhudza. Pakutha pa chaka anyamata awiri anatopa, anati zoyenda m'minga kukangonyamula nkhwangwa n'zaukapolo. Wachitatu anachotsedwa ndi dzanja lake lomwe. Tsiku lina akupuma pamthunzi, agogo atatulutsa chipolopolo n'kutsamiritsa mfuti pamtengo, iye anaitola n'kuloza Nabanda, "Phuu! Wafa!" Onse anaseka. Agogo sanaseke, sanakalipenso. Anangoilandira mfutiyo, n'kunena kuti, "Iwe bwerera kumudzi, amako akukufuna." Amake sankamufuna. Kuyambira tsikulo sanamutengenso. Ukumva kuwawa pamenepa, eti? Ndiye kuti ndakhudza pachilonda.

Chimene mkuluyo ankadziwa n'chakuti dzanja limazolowera. Munthu amene amaloza mnzake ndi mfuti yopanda kanthu adzamulozanso tsiku limene waiwala kuti muli kanthu. N'chifukwa chake iwo mfuti ankainyamula mlomo wake uli pansi kapena kumwamba, kaya ndi pabwalo, kaya ndi m'nyumba. Akamaoloka mtsinje kapena kukwera mwala ankayamba atulutsa chipolopolo. Akagwa nayo pamatope ankakhala pansi n'kusuzumira mumpope, chifukwa mpope wotsekeka ndi dothi umaphulikira mwini wake kumaso. Kunyumba mfuti inkagona kwina, zipolopolo kwina, ndipo tsiku limene alawa chikho cha masese sankaiyandikira n'komwe. Zonsezi sankaziphunzitsa ndi pakamwa. Ankangochita, n'kumaona m'mbali kuti ndani akuona.

Nabanda ankaona. Zaka zitatu anayenda kumbuyo kwawo ndi chipanda chake, chitenje atamanga mothina, miyendo yonse zipsera za minga. Ife tinkamuseka kuti sadzakwatiwa. Iye anaphunzira kutsina phulusa m'kathumba n'kuliwaza kuti aone kumene mphepo ikulowera, popeza nyama imamva fungo la munthu isanamuone, ndiye umaiyendera mphepo ikukuomba kumaso. Anaphunzira kusiyanitsa phazi la gwape ndi la mbawala, la usiku ndi la dzana. Anaphunziranso kudikira agogo akamagwada patsinde pa msolo ndi kaufa m'dzanja, kupempha kwa makolo asanalowe m'thengo. Inde, gogo yemweyo Lamulungu ankakhala pabenchi lakutsogolo m'tchalitchi. Usandifunse kuti ankazigwirizanitsa bwanji, akuluakulu akale anali ndi matumba ambiri mumtima.

Panali chinthu chimodzi chimene ankachinena ndi pakamwa, mobwerezabwereza. Nyama yaikazi m'dzinja sankaiwomba. Ankasimba kuti ali mnyamata anapha gwape mvula itayamba, ndipo pomutumbula anapeza kamwana m'mimba, katamera kale ubweya. Ankati tsiku limenelo anapha ndiwo za chaka chimenecho ndi za chaka chamawa, n'chipolopolo chimodzi.

Chaka chachinayi anamulola kuwomba. Anayamba ndi chitsa, kenako dzungu lakutali, ndipo chipolopolo chilichonse chinkawerengedwa chifukwa sichinkatoledwa panjira. Ndiye kunabwera mbawala yamphongo imene inkamaliza nyemba kudimba. M'mamawa wina, kukungoyera, inatulukira m'bango. Agogo anali atamuuza kale polasa: kuseri kwa mwendo wamwamba, pamene pali mtima ndi mapapo. Koma mtima wa Nabanda unali kugunda ngati ng'oma ya chimtali. Mbawala inasuntha phazi, iye anafulumira, mfuti inalira, nyama inapinda msana n'kulowa m'ziyangoyango.

Iye anadumpha kuti athamangire. Agogo anamugwira chitenje. Anapita naye pamene nyama inaima, n'kumuuza kuti awerenge yekha zimene zili pansi. Magazi ofiira owala, a thovu, amatanthauza mapapo, ndipo nyama yotero sipita patali. Magazi akuda bii amachokera kuchiwindi, imafa ndithu koma mochedwerapo. Zimene Nabanda anapeza zinali timadontho tochepa tosakanikirana ndi zobiriwira za m'chifu, zonunkha. Anali atailasa m'mimba.

"Akazanga," anatero agogo, "imeneyi ifa, koma ifa movutika, ndipo mwaivutitsa ndinu. Mukaithamangitsa tsopano idzuka n'kuthawira kutali, tikaitaya, idyedwa ndi afisi. Tikhale pansi igone kaye." Anakhala mpaka dzuwa kufika pamutu, osayankhulana. Kenako anayamba kulondola, dontho ndi dontho, tsamba ndi tsamba. Magazi akasowa ankasiya chizindikiro pamalo omaliza n'kuzungulira mpaka apezenso. Agogo ankayenda pambali, maso ali kutsogolo, chifukwa mbawala yamphongo yovulala si gwape, imatha kubwerera n'kukubaya ndi nyanga. Anaipeza dzuwa litapendeka, itagona pansi pa chitsamba, ikupumira m'mwamba, maso ali pa iwo. Agogo sanamulande mfuti. Anati amalize yekha zimene anayamba.

Madzulo amenewo Nabanda anabwera kwathu n'kulira kukhitchini, ndipo nyamayo sanadye. Ine ndinadya, ndisakunamize, inali yokoma. Koma taona mmene inagawidwira. Mwendo wathako unapita kwa amfumu, eni nthaka. Amene anathandiza kunyamula analandira zawo. Mwini dimba analandira. Mayi wina wamasiye wa kumapeto kwa mudzi anatumiziridwa kanthu m'mbale yovundikira, ndipo anakapereka ndi Nabanda yemweyo, atagwada. Zotsala ndiye zinalowa m'nyumba ya mlenje. Mdzukulu wamwamuna amene anali atatsala uja anadandaula kuti akugawa ngati ya pamaliro. Agogo anamuyankha kuti mfuti ikalira mudzi wonse umamva, ndiye sungatseke chitseko n'kumadya wekha anthu atamva.

Tsopano tchera khutu, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani.

Maso a agogo anayamba kuchita ng'ala. Iwo ankakana, monga amakanira amuna onse, ankati ndi utsi wa kukhitchini. Chaka chimenecho nguluwe zinavuta kwambiri, chimanga chili chachiwisi, ndipo usiku wina iwo ndi Nabanda anakagona kuchilindo. Mwezi unali utatsala pang'ono kulowa. Pakati pa usiku anamva tswa, tswa, m'chimanga. Mapesi akugwedezeka. Chinthu chakuda, chachifupi, chikuyenda chowerama m'mizere. Agogo anakweza mfuti, thako lake paphewa, tsaya atagoneka. Anali atawombapo nguluwe zambirimbiri pamalo ngati amenewo.

Nabanda sanakuwe. Sanalimbane nawo. Anangoika dzanja pamwamba pa mpope n'kuutsitsa pang'onopang'ono, n'kunong'ona kuti, "Agogo, pepani. Nguluwe sitsokomola."

Anali atamva kakhosomo kakang'ono, kotsekedwa ndi dzanja. Anadikira. Chinthu chija chinafika pambalambanda, chinaweramuka, n'kukhala munthu. Mnyamata, nsapato zili m'manja, akudula njira m'munda mwa eni kuti asaonedwe pamsewu. Ankachokera kuti usiku ngati umenewo? Mwanawe, pali zinthu zina zimene azakhali sayenera kuuza ana. Ndingoti zenera la kuchipinda kwanga linkayang'ana kumunda umenewo, ndipo mnyamatayo patapita chaka anatumiza ankhoswe kwathu. Ndinakhala naye zaka zambiri, malemuwo, ndipo chifuwa chawo cha usiku sindinachidandaulepo ngakhale tsiku limodzi.

Agogo anatsitsa mfuti, natulutsa chipolopolo, manja akunjenjemera. Mpaka kunja kunacha sanayankhule. Nabanda naye sanayankhule. Kutacha anawanyamulira mfuti mpaka kumudzi, anawapatsa madzi osamba, n'kupita kukasinja. Sanauze amake. Sanandiuze ine, mnzake wapamtima, mwini nguluwe. Taganiza, mtsikana wa zaka zimenezo ali ndi nkhani yokoma chotero pakamwa, yoti akanaifotokoza pachitsime mudzi wonse ukanamutcha ngwazi, iye n'kuimeza kuti agogo ake asachite manyazi.

Patatha mlungu, mkuluyo anaitanitsa amfumu, alongo ake ndi ana awo, ana ake ndi adzukulu. Paja kwathu chuma cha mwamuna chinkayang'ana kwa mwana wa mlongo wake, ndiye panali mphwawo wina, bambo wa ndevu zake, amene anabwera atavala jekete, akudziwa kuti lero ndi lero. Agogo anayala mphasa, anagonekapo mfuti mlomo utaloza kuthengo, n'kusimba okha zonse za usiku uja, osabisa kanthu, kupatula dzina la nguluwe. Anati, "Maso anga atha. Ndikanapha mwana wa munthu, ndipo bwenzi pano ndili kundende, inu mukulipira mlandu. Mwana uyu anaona zimene ine sindinaone, anandiletsa popanda kundinyoza, ndipo wandisungira ulemu masiku asanu ndi awiri. Mfuti iyi ndi yake."

Mphwawo uja anayamba za mwambo. Amfumu anamufunsa kuti ndi kangati anaperekezapo atsibweni ake kutchire. Anayang'ana pansi. Agogo anamupatsa njinga ndi mbuzi ziwiri, ndipo jekete lija linabwerera kwawo litakhutira pang'ono.

Kwa Nabanda ananena zochepa. Anati asadzawombe chimene sanachione bwinobwino kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo aziyamba wadziwa chimene chili kuseri kwake, chifukwa chipolopolo chikaphonya sichibwerera kudzapepesa. Anati asadzaibwereke munthu, ngakhale mwamuna wake. Anatinso asadzaitulutse atakwiya. Nabanda analandira ndi manja awiri, atagwada, koma mfutiyo sinagone m'nyumba mwake usiku umenewo. Anayamba apita kuboma onse awiri, agogo atakwera pakaliyala, kukaonana ndi apolisi za chiphaso, ndipo panapita miyezi zisanatheke.

Ukudziwa kuti anaiwomba kangati moyo wake wonse? Sindikhulupirira kuti zala za manja awiri zingathe. Nguluwe zingapo, galu wachiwewe mmodzi. Nyama zinali zikutha, mwanawe. M'nkhalango ya Nkhotakota, mmene kale munali njovu zoposa 1,500, pofika 2015 munatsala zosakwana 100, ndipo anachita kubweretsa zina pafupifupi 500 pamagalimoto kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Ife amene tinkamva mfuti zikulira usiku m'zaka zimenezo tikudziwa kumene zinapita zoyambazo. Atamanga mpanda wa waya, Nabanda, tsopano ali gogo nayenso, anaipukuta mfuti ija komaliza n'kukaipereka yekha kupolisi. Anati ntchito yake yatha, ndipo m'nyumba muli adzukulu a manja oyabwa.

Tibwerere kwa iwe. Waona kuti kunyamula madzi ndi kupukuta mfuti kumene ukukunyozako ndiye kunali sukulu? Mlongo wako anali m'kalasi zaka zonsezi iwe uli panja ndi legeni. Za mankhwala zija usazibwerezenso pakamwa pako. Ukamatero ukutukwana anthu awiri nthawi imodzi: ukuti mlongo wako ndi mfiti, ndipo agogo ako ndi chitsiru chosadziwa chimene chikuchita. Anzako amene akukuuza zimenezo ndi omwe aja anaima nawe pachithunzi. Tsiku limene zidzavute sudzawaona, udzangomva kuti anapita ku Joni.

Zoti udikire agogo atsogole udzaitenge, iwala. Choyamba, n'zochititsa manyazi kuwerengera masiku munthu amene akudya nsima. Chachiwiri, mfuti si khasu loti aliyense wolipeza pakhonde angalitole. Chiphaso chimalembedwa dzina la munthu mmodzi, ndipo chimafunika kuchikonzanso chaka ndi chaka. Iwe ukapezeka nayo popanda chiphaso cha dzina lako, ndi mlandu, ngakhale utalumbira kuti inali ya agogo ako. Ngakhale mlongo wakoyo, mawu a agogo pabwalo samupatsa mphamvu pamaso pa boma. Ayenera kupita kupolisi, agogo akadali moyo ndiponso akutha kuyankhula, akapemphe chilolezo m'dzina lake. Kumeneko akamufunsa chimene akuifunira ndi kumene aziisunga, ndipo angathe kumukaniza. Zikatero mfutiyo ikhale m'manja mwa apolisi, osati pansi pa bedi la wina aliyense.

Ndipo usaganize kuti chiphaso cha mfuti ndi chilolezo chosakira. Za nyama zili ndi eni ake, a dipatimenti yoona za nyama zakutchire, ndipo m'paki ya Kasungu imene mwayandikana nayoyo mlenje saloledwa n'komwe. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, moti pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka munthu angathe kukhala kundende mpaka zaka 30. Werengera wekha: 24 kuphatikiza 30. Ungadzatuluke mano atatha, legeni osaikokanso. Ndikudziwa kuti kwanuko njovu zavuta, makamaka chibweretsereni zina 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, ndipo pali mabanja amene alira minda, ena alira anthu. Sindikuchepetsa zimenezo. Koma njovu ikalowa m'munda mumakanena kwa asilikali a nyama. Mnyamata wokwiya amene wailasa ndi mfuti ya agogo amangoisandutsa chilombo chovulala, chimene chikapha mayi wotola nkhuni mawa lake.

Tsono mtima ukukuwawawo. Ndikuumva, mwana wanga. Kudumphidwa pamaso pa banja lonse, mwana wamng'ono kwa iwe n'kutchulidwa dzina, kumapweteka ngati munga wa m'chidendene, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti sukumva kanthu. Lira ngati ukufuna, kuseri kwa nyumba kulipo. Koma agogo ako sanakuchotse paudzukulu. Akumana chinthu chimodzi chimene anaona kuti chingakuphe kapena kukuphetsa munthu. Galu wamkota sakandira pachabe. Za chithunzi zija anazimva, usakayike, ngakhale sanakufunse. Midzi yathu ilibe chinsinsi, ndipo mfuti yawo amaidziwa mmene anaigonekera.

Uchite izi. Yamba wafufuta chithunzicho, ndipo uuze anzakowo afufutenso, chifukwa chikafika m'maso mwa apolisi chingawalanditse agogo chiphaso, mlongo wako n'kumanidwa, iwe n'kukafotokoza bwino kuseri kwa kauntala. Ukatero gula kasopo kapena kashuga, upite kwa agogo m'mawa anthu asanachuluke. Usaime. Khala pansi, chipewa m'manja, uwauze wekha zimene unachita ali kumaliro, popanda "koma". Mawu akuti "koma inalibe chipolopolo" uwasiye panjira. Akakukalipira, landira. Akangokhala chete, ndiye zawawa kwambiri, pirira, usadzaze chetecho ndi zifukwa.

Za mfuti usazitchule. Uwapemphe chinthu china, chimene sichifuna chiphaso ndipo sangachipereke kwa mmodzi yekha: akuphunzitse thengo. Maso awo mwina atopa, miyendo yafooka, koma m'mutumo muli mapazi a nyama zonse, mayina a mitengo, kulira kwa mbalame kumene kumakuuza kuti patsogolo pali njoka, malo amene madzi sauma m'chilimwe. Iwe ukhale maso awo, iwo akhale mutu wako. Uwanyamulire mpando ndi madzi, inde, madzi omwewo. Masiku ano anthu odziwa kulondola mapazi ndi amene amafunidwa pantchito yolondera nyama ndi yoperekeza alendo m'mapaki, ndipo kumeneko mfuti amakupatsa ndi boma, ataona kaye ngati mutu wako uli pamalo. Sindikukulonjeza ntchito, ine si ofesi. Ndikungokuuza kumene nzeru za agogo ako zikadali ndi msika.

Kwa mlongo wako upite padera. Iyenso sakugona tulo, ndikuuze. Wasenzetsedwa katundu wolemera, achibale akumuyang'ana chammbali, ndipo mawa kudzabwera kamnyamata kodzamufunsira kamene maso ake ali pamfuti. Akufunika mchimwene woima naye. Tsiku lopita kupolisi umuperekeze, umunyamulire mapepala. Muthandize kupeza bokosi lolimba la loko, ndipo kiyi usamupemphe. Akadzakukaniza kuibwereka, ngakhale kwa usiku umodzi wokha, usakwiye, udziwe kuti agogo anasankha bwino. Anzako akakuseka, uwauze kuti kwanu mfuti ili ndi mlonda, ndipo mlondayo ali ndi mchimwene.

Ukatha miyezi itatu ukuchita zimenezi undilemberenso, undiuze kuti phazi la gwape limasiyana bwanji ndi la mbuzi ya amako. Ndipo ngati pali zenera lina kumeneko limene umalizungulira usiku kudzera m'minda ya eni, popeza zaka 24 ndikuzidziwa ine, chonde yenda pamsewu, nsapato zili kuphazi. Ukalephera, uzitsokomola.

Ndine,
Azakhali ako